Kuyerekeza Banja ndi Lokha Lomwe: Mmene Ofufuza Amawerengera Manambala a Mabanja Otsatiridwa Zaka Zingapo

Mphunzitsi wa ku Angoniya kapena ku Tsangano amene amasunga bwino kaundula wa ana amadziwa kuti mu Febuluwale ndi Malichi mabenchi amakhala ndi mipata. Sukulu imatsegulidwa nthawi imene chimanga cha chaka chatha chikutha m'nkhokwe, pomwe cha m'munda sichinache. Amadziwanso kuti ana ojomba kwambiri nthawi zambiri amachokera m'mabanja amene amakolola zochepa. Poona zimenezi, munthu amafulumira kunena kuti kukolola pang'ono ndiko kumajombetsa ana, ndipo banja litangopeza matumba ena angapo, mwana wake azibwera tsiku ndi tsiku.

Mawuwa ali ndi choonadi, koma funso la wofufuza ndi lakuti: choonadicho ndi chachikulu bwanji? Banja likawonjezera thumba limodzi pa zokolola zake, kujomba kwa ana ake kumatsika ndi masiku angati? Yankho lake lili ndi ntchito, chifukwa amene amagawa ndalama amalitenga posankha pakati pa kuthandiza mabanja pa ulimi ndi kumanga kalasi pafupi ndi mudzi wakutali. Nambala ikakula kuposa mmene iyenera kukhalira, ndalama zimapita kolakwika, ndipo ana a kutali aja amapitirizabe kujomba.

Nkhani ino ikufotokoza njira imodzi imene ofufuza amagwiritsa ntchito poyankha mafunso otere. M'malipoti a Chipwitikizi imalembedwa kuti `efeitos fixos`, ndipo m'a Chingelezi ndi pa kompyuta imalembedwa kuti `fixed effects` kapena `fe`. Mutu wake ndi umodzi: banja lisayerekezedwe ndi banja lina, koma liyerekezedwe ndi lokha lomwe m'zaka zosiyana.

Vuto loyerekeza mabanja osiyana

Mabanja awiri sasiyana pa zokolola pokha. Lina lili ndi munda wachonde kufupi ndi msewu, ndipo sukulu ili pa mtunda wa mphindi khumi. Lina lili kuphiri, dothi lake ndi lotopa, ndipo mwana amayenera kuwoloka mtsinje kuti akafike m'kalasi. M'banja lina mayi anafika kalasi 7 ndipo amayang'ana m'makope a ana madzulo, pomwe m'banja lina mulibe wodziwa kuwerenga. Zinthu zimenezi zimakhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi: zimakweza zokolola, komanso zimachepetsa kujomba. Wofufuza akangoika mabanja onse pamodzi n'kuona kuti okolola zambiri amajomba pang'ono, amapereka kwa chimanga ulemu umene mbali ina ndi wa msewu, wa mtsinje ndi wa maphunziro a mayi.

Zina mwa zinthuzi wofufuza angazifunse n'kuzilemba, monga mtunda wa kusukulu. Koma zina sizilembeka pa pepala la mafunso. Palibe funso limene lingayeze bwino khama la kholo, kapena mmene banja limaonera sukulu.

Vutoli linadziwika kale pa nkhani za ulimi. Mu 1961 katswiri wa zachuma Yair Mundlak anafalitsa kafukufuku wa minda ya mabanja ku Israyeli. Iye anaona kuti mlimi waluso amagwiritsa ntchito zipangizo zambiri komanso amakolola zambiri, choncho poyerekeza alimi osiyana, luso la mlimi limabisala m'nambala ya zipangizo n'kuikuza. Njira yake yothetsera vutoli inali kutsatira minda yomweyo zaka zingapo n'kupatsa munda uliwonse nambala yakeyake yosasintha, yonyamula zonse zimene mundawo uli nazo chaka ndi chaka.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika manambala a mtundu wapadera. Sikokwanira kupita m'mudzi chaka chino n'kufunsa mabanja 100, kenako chaka chamawa n'kufunsa mabanja ena 100. Ayenera kukhala mabanja omwewo, lililonse ndi nambala yake yolizindikiritsa imene sisintha. Ku Mozambiki chitsanzo chodziwika ndi kafukufuku wa ulimi wa TIA, amene Unduna wa Zaulimi unachita mothandizana ndi yunivesite ya Michigan State ya ku Amereka. Mabanja a kumudzi amene anafunsidwa mu 2002 anafunidwanso mu 2005 kuti afunsidwe kachiwiri.

Chitsanzo cha mabanja atatu

Manambala otsatirawa ndi ongopeka kuti njirayi ioneke bwino, ndipo sakuchokera ku kafukufuku aliyense. Mabanja atatu atsatiridwa zaka zitatu. Chaka chilichonse palembedwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 amene banja linakolola, ndi masiku amene mwana wake anajomba m'teremu yoyamba yotsatira zokololazo. Dongosolo la nthawi limeneli n'lofunika: chimanga chokololedwa mu Epulo ndi Meyi ndicho chimene chimatha kapena kutsala mu Febuluwale wotsatira.

| Banja | Chaka | Matumba | Masiku ojomba |
|---|---|---|---|
| A | 1 | 6 | 22 |
| A | 2 | 10 | 19 |
| A | 3 | 8 | 19 |
| B | 1 | 12 | 13 |
| B | 2 | 20 | 10 |
| B | 3 | 16 | 10 |
| C | 1 | 26 | 4 |
| C | 2 | 22 | 7 |
| C | 3 | 24 | 4 |

Munthu akajambula mizere isanu ndi inayi imeneyi ngati madontho pa pepala, matumba m'munsi ndi masiku m'mbali, n'kudutsitsa mzere umodzi wowongoka pakati pa madonthowo, mzerewo umatsetsereka kwambiri. Kupendekeka kwake kumatuluka -0,89. Tanthauzo lake n'lakuti thumba limodzi lowonjezera likuyendera limodzi ndi kuchepa kwa kujomba pafupifupi tsiku lathunthu. Izi zikuonekanso ndi maso: banja A limakolola pafupifupi matumba 8 ndipo mwana amajomba masiku 20, pomwe banja C limakolola matumba 24 ndipo mwana amajomba masiku 5. Kusiyana kwa matumba 16 kukuyenda ndi kusiyana kwa masiku 15.

Koma banja A ndi lija la kuphiri, ndipo banja C ndi lija la pamsewu. Kupatsa banja A matumba 16 sikudzachotsa mtsinje panjira ya mwana. Funso loyenera ndi ili: banja A lomweli, chaka chimene linakolola zoposa chizolowezi chake, mwana wake anajomba mochepera bwanji poyerekeza ndi chizolowezi chake?

Kuwerengera kwake kumayamba ndi mediya, monga momwe mphunzitsi amapezera mediya ya malikisi a mwana. Mediya ya matumba a banja A ndi 8, ndipo ya masiku ndi 20. Ya banja B ndi matumba 16 ndi masiku 11. Ya banja C ndi matumba 24 ndi masiku 5. Kenako pa nambala iliyonse ya m'tebulo pamachotsedwa mediya ya banja lomwelo. Chotsala ndi kupatuka: mmene chakacho chinaposera kapena kuperewera pa chizolowezi cha banjalo.

| Banja | Chaka | Kupatuka kwa matumba | Kupatuka kwa masiku | Kuchulukitsa ziwirizi | Kupatuka kwa matumba kodzichulukitsa |
|---|---|---|---|---|---|
| A | 1 | -2 | +2 | -4 | 4 |
| A | 2 | +2 | -1 | -2 | 4 |
| A | 3 | 0 | -1 | 0 | 0 |
| B | 1 | -4 | +2 | -8 | 16 |
| B | 2 | +4 | -1 | -4 | 16 |
| B | 3 | 0 | -1 | 0 | 0 |
| C | 1 | +2 | -1 | -2 | 4 |
| C | 2 | -2 | +2 | -4 | 4 |
| C | 3 | 0 | -1 | 0 | 0 |

M'tebulo lachiwirili banja losauka ndi banja lolemera saonekanso. Matumba 10 a banja A ndi matumba 26 a banja C onse asanduka +2, chifukwa onse ndi matumba awiri pamwamba pa chizolowezi cha eni ake. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi. Mtsinje uja unalipo m'zaka zonse zitatu, ndipo masiku amene umawonjezera pa kujomba ali m'nambala ya chaka chilichonse komanso ali m'mediya. Pochotsa mediya, masikuwo amachoka nawo. Chimodzimodzi maphunziro a mayi, chonde cha munda, ndi chilichonse chimene sichinasinthe m'zakazo, ngakhale chimene wofufuza sanachiganizirepo n'komwe.

Tsopano kupendekeka kwa mzere kumapezeka pophatikiza ndime yachisanu, imene ikupereka -24, ndi ndime yomaliza, imene ikupereka 48, kenako kugawa yoyamba ndi yachiwiri. Yankho ndi -0,5. Thumba limodzi lowonjezera m'banja lomwelo likuyendera limodzi ndi kuchepa kwa theka la tsiku, osati tsiku lathunthu. Banja A litawonjezera matumba 4, mwana angayembekezeke kujomba masiku 18 m'malo mwa 20. Kuwerengera koyamba kuja kukadalonjeza masiku osakwana 17. Chimanga chili ndi mphamvu ndithu, koma pafupifupi theka la mphamvu imene chinkaoneka kuti chili nayo inali ya zinthu zina.

Chaka nachonso chili ndi gawo lake

Woyang'anitsitsa tebulo lachiwiri aona chinthu china m'chaka chachitatu. Mabanja onse atatu anakolola ndendende chizolowezi chawo, koma ana onse atatu anajomba tsiku limodzi lochepera. Chimanga sichingafotokoze zimenezi. Payenera kuti panachitika china chokhudza onse nthawi imodzi, mwina mvula inachepa m'teremuyo, mwina sukulu inayamba kupereka phala.

Zinthu za chaka chonse zoterezi zingasokoneze yankho zikagwera limodzi ndi kusintha kwa zokolola. Chaka cha madzi osefukira chimawononga minda komanso chimagwetsa milatho ndi makalasi. Wofufuza akapanda kusamala, masiku amene ana anakhala pakhomo chifukwa cha kalasi yogwa amawerengedwa ngati anachitika chifukwa cha njala. Mankhwala ake ndi ofanana ndi a poyamba: chaka chilichonse chimapatsidwanso nambala yakeyake, yonyamula zimene mabanja onse anagawana chakacho. Zonse pamodzi zimalembedwa motere:

`y_it = a_i + g_t + b*x_it + u_it`

Apa `y_it` ndi masiku ojomba a banja `i` m'chaka `t`, `x_it` ndi matumba, `a_i` ndi gawo losasintha la banja, `g_t` ndi gawo la chaka, ndipo `u_it` ndi zotsala zimene sizinafotokozedwe. Nambala imene aliyense akufuna ndi `b`. M'chitsanzochi, gawo la chaka likaikidwamo, `b` imachoka pa -0,5 n'kufika pa -0,54. Kusinthaku n'kochepa, ndipo n'chizindikiro chakuti zochitika za chaka sizinali kukoka yankho kwambiri. Pa manambala enieni kusintha kumeneku kungakhale kwakukulu, choncho lipoti limene silinaikemo gawo la chaka liyenera kufunsidwa chifukwa chake.

Pa mabanja mazana kapena masauzande ntchitoyi imachitika pa kompyuta. Mu pulogalamu ya Stata malamulo ake ndi awa:

```
xtset banja chaka
xtreg masiku matumba i.chaka, fe vce(cluster banja)
```

Mawu omaliza, `vce(cluster banja)`, amauza kompyuta kuti mizere itatu ya banja limodzi si mboni zitatu zosadziwana, koma ndi mboni imodzi yolankhula katatu. Popanda chenjezoli, kompyuta nthawi zambiri imasonyeza kuti yankho ndi lotsimikizika kuposa mmene lililidi.

Zimene njirayi singathe kuyankha

Chilichonse chosasintha m'banja chimachoka pochotsa mediya, ndipo chimachoka ngakhale chikhale chinthu chimene wofufuza akufuna kudziwa. Mphunzitsi wa kalasi ya zilankhulo ziwiri angafune kudziwa ngati ana a m'mabanja olankhula Chinyanja chokha amajomba mosiyana ndi a m'mabanja olankhulanso Chipwitikizi. Ngati chilankhulo cha pakhomo chalembedwa chimodzimodzi m'zaka zonse zitatu, kupatuka kwake ndi 0 pa mzere uliwonse, ndipo palibe chowerengera. Stata imangolemba `(omitted)` pa mzere wa funsolo. Sikulakwa kwa kompyuta, ndiponso sizikutanthauza kuti chilankhulo chilibe mphamvu. Mphamvu yake yangolowa mu `a_i`, pamodzi ndi mtsinje ndi maphunziro a mayi, ndipo njirayi siingazilekanitse.

Zimasintha ngati chinthucho chasintha pakati pa zaka za kafukufuku. Sukulu ya mudzi wina ikayamba kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri m'chaka chachiwiri, pomwe ya mudzi wina sinayambe, mabanja a mudzi woyamba amakhala ndi zaka za kale ndi zaka za tsopano zoyerekeza, ndipo mabanja a mudzi wachiwiri amasonyeza mmene zakazo zikadayendera popanda kusinthako. Pamenepo njirayi ili ndi chogwira.

Mfundo yomweyi ikusonyezanso kuti si mabanja onse amene amalankhula m'yankho. Banja lachinayi, limene linakolola matumba 16 chaka chilichonse, likadakhala ndi 0 m'ndime ziwiri zomaliza za tebulo. Likadathandiza kudziwa gawo la chaka, koma pa funso la mphamvu ya thumba silikadakhala ndi nkhani yakeyake yonena. Ndipo mwa mabanja atatu aja, banja B lokha lapereka 32 pa 48, chifukwa zokolola zake ndizo zinasintha kwambiri. Lipoti likanena kuti linatsatira mabanja 500, woliwerenga afunse kuti ndi angati amene zinthu zinawasinthiradi. Akakhala 40, ndiye kuti yankho lonse latsamira pa 40 amenewo, ndipo iwo angakhale osiyana ndi anzawo, mwina olima m'madambo osefukira kawirikawiri.

Zimene zimalakwika, ndi mmene zimadziwikira

Cholakwika choyamba ndi kuiwala kuti njirayi imachotsa zosasintha zokha. Mayi wa banja A akadwala miyezi ingapo, munda supaliridwa bwino ndipo zokolola zimatsika. Matendawo akapitirira, mwana wamkazi amakhala pakhomo kudwazika ndi kuphikira ang'ono ake. Zokolola zatsika, kujomba kwakwera, koma gwero la zonse ziwiri ndi matenda. Popeza matendawo sanalipo chaka chilichonse, kuchotsa mediya sikuwachotsa, ndipo popeza sanagwere mabanja onse, gawo la chaka nalonso siliwagwira. Wofufuza wosamala amafunsa za matenda, maliro ndi kuchoka kwa bambo kupita kuntchito kutali, n'kuziika m'kuwerengerako. Palinso mayeso amodzi othandiza. Zokolola za Meyi ukubwerayu sizingadzaze nkhokwe ya Febuluwale wapitayu. Choncho wofufuza amayesa kuona ngati zokolola za m'tsogolo zikugwirizana ndi kujomba kwa kale. Zikapezeka kuti zikugwirizana, ndiye kuti pali chinthu china chimene chikukoka zonse ziwiri, kapena kujombako ndiko kukukhudza zokolola, monga pamene mwana wajomba kuti akathandize kumunda.

Cholakwika chachiwiri ndi cha muyezo. Mlimi akafunsidwa patapita miyezi ingapo kuti anakolola matumba angati, amayankha mongokumbukira. Wina amawerengera chimanga chosatonola cha m'nkhokwe, wina chotonola. Wina amanena ngolo, ndipo wofunsa ndiye amazisandutsa matumba. Poyerekeza banja la matumba 8 ndi la matumba 24, kuphonya ndi matumba awiri sikusokoneza zambiri. Koma poyerekeza banja ndi lokha lomwe, kusintha konse kumene kukuyezedwa kungakhale matumba awiri omwewo. M'chitsanzo chija, kumwazikana konse kwa matumba, kowerengedwa modzichulukitsa kuchokera pa mediya ya mabanja onse pamodzi, kunali 432, koma pochotsa mediya ya banja lililonse panatsala 48, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi anayi. Zoona zambiri zachoka, koma mbali yaikulu ya kuphonya kwa chaka ndi chaka yatsalamo. Zotsatira zake n'zakuti `b` imakokeredwa ku 0. Ngati theka la kumwazikana kotsalako lili kuphonya chabe, mphamvu yeniyeni ya -0,5 ingaoneke ngati -0,25.

Apa pali phunziro lofunika kwa wowerenga malipoti. Nambala ikachepa pogwiritsa ntchito njirayi, pali zifukwa ziwiri zotheka: mwina zosokoneza zachotsedwa, kapena muyezo unali wofooka. Njira imodzi yosiyanitsira ndi kuyerekeza zaka zotalikirana, monga chaka choyamba ndi chachisanu, pamene kusintha kwenikweni kumakhala kutakula koma kuphonya kuli chimodzimodzi. Nambala ikakula pa zaka zotalikirana kuposa pa zaka zotsatizana, muyezo ndiwo woyamba kukayikiridwa. Mbali ya masiku ojomba nayonso imafuna chisamaliro, ndipo apa kaundula wa mphunzitsi ndiye mboni. Kuphonya kwa apa ndi apo m'kaundula kumangochepetsa kutsimikizika kwa yankho. Koma kaundula amene amadzazidwa Lachisanu mongokumbukira, n'kulemba kuti ana odziwika kuti ndi akhama analipo masiku onse, amabisa kusintha kumene njirayi ikufunafuna.

Cholakwika chachitatu ndi cha mabanja osowa. Mwa mabanja oposa 4 900 amene TIA inafunsa mu 2002, amene anafunsidwanso mu 2005 anali pafupifupi 4 100, kutanthauza kuti pafupifupi banja limodzi mwa asanu ndi limodzi silinapezekenso. Banja lofunsidwa kamodzi kokha silingayerekezedwe ndi lokha lomwe, choncho limatuluka m'kuwerengera. Likasowa pa chifukwa chosasintha, monga kukhala kutali kovuta kufikako, gawo losasintha lija limathandiza. Koma likasamuka chifukwa chakuti njala inalipweteka kwambiri chakacho ndipo ana anasiyiratu sukulu, ndiye kuti mabanja amene akadasonyeza mphamvu yaikulu ya njala ndi omwe achoka, ndipo yankho limachepa. Chizindikiro chake chimafunidwa m'manambala a ulendo woyamba: wofufuza amayerekeza mabanja amene anadzasowa ndi amene anatsala, n'kuona ngati anali osiyana kale pa zokolola ndi pa kujomba. Lipoti labwino limasonyeza tebulo limeneli.

Chomaliza ndi funso lakuti banja lomwelo ndi liti. Pa zaka zitatu mwana wamkulu amakwatiwa, adzukulu amabwera kudzakhala kwa agogo, ndipo mwana amene anali m'kalasi 2 amakhala ali m'kalasi 5, msinkhu wotumidwa ganyu. Ku Malawi kafukufuku wa IHPS anatsatira anthu amene anachoka pakhomo n'kukayamba mabanja awo, ndipo chifukwa cha zimenezi mabanja 3 246 a mu 2010 anafika 4 000 mu 2013. Pa mafunso a sukulu, zimenezi zikutanthauza kuti msinkhu wa mwana ndi chiwerengero cha anthu a pakhomo ziyenera kulembedwa chaka chilichonse n'kuikidwa m'kuwerengera. Ndipo ngati mwana aliyense ali ndi nambala yake yomuzindikiritsa, gawo losasintha lingaperekedwe kwa mwanayo m'malo mwa banja, kuti mwana wa chaka chino asayerekezedwe ndi mkulu wake wa zaka zapitazo.

Powerenga tebulo la m'lipoti

Malipoti ambiri amaika ndime ziwiri kapena zitatu moyandikana, ndipo m'munsi mwa tebulo mumakhala mzere wosonyeza ngati gawo losasintha la banja ndi la chaka zaikidwamo. Ndime yopanda zigawozi ikufanana ndi -0,89 uja, ndipo imayankha funso lakuti mabanja okolola zambiri amasiyana bwanji ndi okolola zochepa. Ndime yokhala nazo ikufanana ndi -0,54, ndipo imayankha funso lina, lakuti chimachitika n'chiyani banja lomwelo likakhala ndi chaka chabwino kapena choipa. Nambala yachiwiriyi imanena za kusintha kwa matumba awiri kapena anayi m'zaka zochepa, chifukwa ndiko kusintha kumene kunaoneka. Singatambasulidwe kuti inene zimene zingachitike banja A litakolola matumba 24 kwa zaka khumi.

Mpata wa pakati pa manambala awiriwa nawonso uli ndi uthenga. M'chitsanzochi mwana wa banja A amajomba masiku 15 kuposa wa banja C. Matumba 16 owasiyanitsa, powerengera theka la tsiku pa thumba, akufotokoza masiku 8 okha. Masiku 7 otsalawo ali m'gawo losasintha la mabanjawo, ndipo tebulo silinena kuti ndi a mtsinje, a dothi, kapena a mmene makolo amaonera sukulu. Kuti zimenezi zidziwike pamafunika kufunsa amene amadziwa njira imene mwanayo amayenda m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zambiri munthu ameneyo ndi mphunzitsi wake.